Logo imodzi, pa chikwangwani ndi pa kalata: fayilo iti ipite kwa osindikiza?

Tiyerekeze kuti mwatsegula shopu ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Wojambula wakukonzerani logo, ndipo wakutumizirani pa WhatsApp. Pa foni ikuoneka bwino, pa pepala la makalata a shopuyo yakhalanso bwino. Koma chikwangwani chitabwera kuchokera kwa osindikiza, zilembo zaoneka za manomano m'mbali ndipo mitundu yafwifwa. Ambiri amathamangira kudzudzula makina, chonsecho vuto linayambira pa fayilo imene anapereka.

Mafayilo a zithunzi alipo a mitundu iwiri. Fayilo ya rasita, monga JPG kapena PNG, imasunga chithunzi ngati timadontho ta ngodya zinayi totchedwa mapikiselo, tondandalikidwa ngati mikanda pa nsalu. Chiwerengero cha timadonthoto chimakhazikika tsiku limene fayiloyo yapangidwa. Mukakulitsa chithunzi, kompyuta imangofufumitsa kadontho kalikonse kapena kupeka ena oti atseke mipata. Fayilo ya vekita, monga SVG, EPS, AI kapena CDR ya CorelDRAW, imasunga malangizo: mzere uyambire apa, upindike motere, m'katimu mukhale mofiira. Makina amajambula mwatsopano potsatira malangizowo pa msinkhu uliwonse, choncho m'mbali mumakhala mosalala nthawi zonse.

Tiwerengere pamodzi. Chinthu chowerengedwa chili m'manja chimafuna mapikiselo pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Logo ya pa kalata yotambalala masentimita 5 ndi mainchi awiri, ndiye mapikiselo 600 akukwanira. N'chifukwa chake kafayilo ka pa foni kaja sikanakukhumudwitseni pa pepala. Tsono kafayilo komweko mukakatambasula kuti kakwane mita imodzi ndi theka pa chikwangwani, pikiselo iliyonse imakula kufika mamilimita awiri ndi theka. Woyenda kutsidya kwa msewu mwina sangazindikire, koma kasitomala woima pakhonde aona manomanowo bwinobwino.

Palinso chifukwa china chimene anthu sachidziwa. Zikwangwani zambiri zimapangidwa ndi zilembo zodulidwa pa sitika, ndipo makina odulirawo amayendetsa kampeni kake motsatira mizere. M'fayilo ya JPG mulibe mzere woti kampeniko katsate, ndiye osindikiza amayenera kujambulanso logo yonse, mwinanso kukulipiritsani, ndipo imene ituluke siifanana ndendende ndi ya pa kalata ija.

Ine ndimaona kuti nkhaniyi ilibe mkangano: logo yeniyeni isungidwe mu vekita, ndipo mukamalipira wojambula, nenani poyambirira kuti mukufuna fayiloyo. Kuchokera mu vekita mutha kutulutsa rasita ya msinkhu uliwonse m'kanthawi kochepa. Kubwerera m'mbuyo ndiye ntchito. Pulogalamu yaulere ya Inkscape ili ndi `Trace Bitmap` yoyesa kusandutsa rasita kukhala vekita, koma pa kafayilo kakang'ono zilembo zimatuluka zokhotakhota. Bola kulipira munthu aijambulenso mosamala.

Chenjerani ndi PDF. Dzinalo silitsimikiza kanthu, chifukwa PDF itha kunyamula vekita kapena kungokutira JPG m'kati mwake. Itsegulireni pa kompyuta, muikulitse mpaka 800%, muyang'ane m'mbali mwa chilembo chimodzi. Mukakhala mosalala, ndi vekita. Mukaona timabokosi kapena chifunga, mwapatsidwa rasita. Pemphaninso wojambulayo kuti asandutse zilembo zikhale mizere: mu CorelDRAW ndi `Convert to Curves`, mu Illustrator ndi `Create Outlines`. Akapanda kutero, kompyuta ya osindikiza imene ilibe mtundu wa zilembo zanuzo idzaikapo wina, dzina la shopu n'kusintha maonekedwe.

Nanga rasita ntchito yake ili pati? Pa kalata imene mumalemba nokha mu Word tsiku ndi tsiku. Pamenepo pemphani PNG yotulutsidwa kuchokera mu vekita ija, ya mapikiselo 600 kapena kuposerapo, yopanda mtundu kumbuyo. JPG sitha kukhala yoonekera kumbuyo, motero logo imabwera itakhala m'kabokosi koyera, kamene kamaonekera mukaiika pamwamba pa mtundu wina. Ngati mapepala a makalatawo akasindikizidwe ambiri ku kampani, perekani vekita yomwe ija.

Chithunzi chojambulidwa ndi kamera, monga cha matumba a simenti pambali pa logo, chimakhala rasita basi, ndipo chimafunika chachikulu monga chinatulukira mu kamera. Pochitumiza pa WhatsApp sankhani `Document`, pakuti mukachitumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa ndipo mapikiselo ambiri amatayika.