Mzere Ukazungulira −1, Makina Asokonekera

Maikolofoni ikayandikira sipika, pamabuka kulira koboola m'makutu, chifukwa mawu otuluka amabwereranso m'maikolofoni n'kumangokuzidwabe. Vuto longa limeneli linkasautsa akatswiri a matelefoni ku America. Mu 1927 Harold Black anatulukira kuti chipangizo chokuza mawu chimagwira bwino ngati gawo la zotuluka libwezedwa koyambira litatembenuzidwa, kuti lizichotsera zolakwika. Koma nthawi zina chipangizocho chinkayamba kudziimbira chokha. Mu 1932 Harry Nyquist, katswiri wobadwira ku Sweden, anasonyeza mmene munthu angadziwiretu zimenezi.

Njira yake imandikomera chifukwa imayambira pa kuyeza. Mumadula njira yobwererayo, n'kulowetsa funde lamagetsi la msinkhu 1, kenako mumayang'ana lomwe latulukira mbali inayo: lakula bwanji, ndipo lachedwa ndi madigiri angati? Papepala mumaika kadontho. Kutalika kwake kuchokera pakati ndiwo msinkhu, ngodya yake ndiko kuchedwako. Mukatero kuyambira mafunde oyenda pang'onopang'ono mpaka othamanga, timadonthoto timapanga mzere wokhota. Mumajambulanso mnzake womuyang'ana ngati pagalasi, kuti mzerewo utsekeke.

Tsopano maso onse pa −1. Pamenepo funde limabwerera ndi msinkhu womwe linapita nawo, koma litachedwa ndi madigiri 180, ndiye kuti lazondoka. Likatembenuzidwanso koyambira kuja, limawonjezera m'malo mochotsera, motero limadzidyetsa lokha.

Titenge makina a zigawo zitatu zofanana, omwe amalembedwa L(s) = K/(s+1)³, pomwe K ndi mphamvu yokuzira. Pa liwiro la ω = 1.73, chigawo chilichonse chimachedwetsa funde ndi madigiri 60 n'kulichepetsa ndi theka. Zitatuzo pamodzi zimapereka madigiri 180 ndi msinkhu wa K/8. K akakhala 4, mzere umadutsa pa −0.5, osafika pa −1, ndipo makina amakhazikika. Mpata ulipo wowirikiza mphamvuyo kawiri. Pa K = 8 mzere umaponda pa −1 penipeni, makina n'kumagwedezeka osaleka, kugwedezeka kumodzi pa masekondi pafupifupi 3.6. Pa K = 16 umadutsa pa −2, n'kuzungulira −1 kawiri motsata mivi ya wotchi. Apa kugwedezeka kumangokulirakulira.

Lamulo lake ndi Z = N + P. N ndi maulendo ozungulira motsata wotchi, P ndi chiwerengero cha mizu yosakhazikika imene makina ali nayo njira yobwerera ili yodula, ndipo Z ndi imene imatsala njirayo ikalumikizidwa. Z ayenera kukhala 0. M'chitsanzo chathu P ndi 0, n'chifukwa chake kusazungulira kunali kokwanira.

Ophunzira ambiri amapunthwa poiwala P. Makina amene ali osakhazikika kale paokha, monga oimika ndodo chilili, akakhala ndi P = 1, mzere uyenera kuzungulira −1 kamodzi mobwerera, kuti N akhale −1. Pa makina otere, kuchepetsa K mopitirira n'kumene kumawagwetsa.