“Zikomo” wa m’ndakatulo asakupusitseni pa mayeso

Ndili Fomu 4, aphunzitsi athu a Chichewa anandibwezera pepala la mayeso oyeserera MSCE atalemba mawu amodzi ndi cholembera chofiira: “Ndiye?” Ine ndinali nditayankha monyadira kuti mlakatuli wagwiritsa ntchito chifanifani, umunthu ndi chibwereza. Zipangizozo ndinazitchula molondola, koma malikisi anapita. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinazindikira kuti kutchula dzina la chipangizo ndi theka chabe la yankho. Theka linalo n’kufotokoza ntchito yomwe chipangizocho chikugwira m’ndakatulomo.

Kuti tione bwino, ndalemba ndekha kandakatulo aka:

Zikomo achimwene a ku Joni,
Chithunzi chanu tachiona pa foni,
Nsapato zikuwala ngati galasi,
Jekete lakukhalani ngati bwana.

Zikomo achimwene a ku Joni,
Denga la amayi lasanduka sefa,
Nkhokwe ikuyasamula usana ndi usiku,
Makoswe nawo asamuka.

Zikomo.

Musanagwire cholembera, werengani kawiri ndipo dzifunseni kuti akuyankhula ndani, nanga akuyankhula kwa ndani. Apa woyankhula ndi m’bale amene watsala kumudzi, woyankhulidwa ndi mchimwene wake amene ali ku Joni. Osalemba kuti woyankhula ndi mlakatuli ayi. Mlakatuli amangobwereka pakamwa pa munthu wina.

Tiyambe ndi zithunzithunzi, kutanthauza mawu amene amakuchititsani kuona, kumva kapena kununkhiza chinthu m’maganizo. “Nsapato zikuwala ngati galasi” ndi chifanifani, ndipo chizindikiro chake ndi mawu akuti “ngati”. Koma mukaima pamenepo, funso la aphunzitsi anga lija likupezani. Pitirizani: kuwala kwa nsapatozo kukuonetsa kuti achimwenewo ndalama akuzipeza ndithu. “Denga lasanduka sefa” likutionetsa denga lobookabooka, mvula ikuthira amayi ali m’nyumba. Nkhokwe yoyasamula ndi umunthu, chifukwa nkhokwe yapatsidwa khalidwe la munthu, ndipo munthu amayasamulanso akakhala ndi njala. Makoswe akasamuka ndiye kuti ngakhale njere imodzi ya chimanga mulibe. Choncho yankho lokwanira likhala ndi zinthu zitatu: dzina la chipangizo, mawu enieni a m’ndakatulomo, ndi zomwe mawuwo akutiuza.

Pamene ambiri timaterereka ndi pa kamvekedwe ka mawu a woyankhula. Wophunzira wofulumira aona “zikomo” katatu n’kulemba kuti woyankhula akuthokoza. Walakwa kale. Njira yodziwira ndi iyi: yerekezani mawu okomawo ndi zithunzithunzi zomwe zawazungulira. Kodi munthu angathokoze chifukwa chakuti denga likudontha? Mawu ndi zithunzi zikasemphana chonchi, khulupirirani zithunzi. “Zikomo” uyu ndi wonyogodola, wofanana ndi uja amanena amayi mukabwera usiku mbale simunatsuke. Ndiye lembani kuti woyankhula akunyogodola komanso kudandaula, umboni wake ndi wakuti akuthokoza mchimwene wake pamene amayi akugona ndi njala. Pewani mayankho ngati “kamvekedwe n’kabwino” kapena “n’koipa”. Amenewo sakunena kanthu.

Kenako onani kamangidwe. Kuwerenga ndime ndi mizere n’kosavuta: ndime zilipo 3, ziwiri zoyambazo zili ndi mizere 4 iliyonse, yomaliza ili ndi liwu limodzi. Koma mlakatuli waziyala chonchi chifukwa chiyani? Ndime yoyamba ikuonetsa moyo wa ku Joni, yachiwiri ikuonetsa wa kumudzi. Zaikidwa moyandikana komanso n’zofanana kutalika kuti kusiyana kwa miyoyo iwiriyi kuoneke poyera. Mzere woyamba wabwerezedwa, koma ukabweranso m’ndime yachiwiri sukumvekanso chimodzimodzi, wayamba kuluma. Ndime yomaliza yafupika dala. “Achimwene” achotsedwamo, ngati kuti woyankhula watopa ndipo ubale womwewo akuukayika. Mukaona ndime yosiyana ndi zinzake, imani pamenepo, chifukwa kawirikawiri m’pamene maganizo a woyankhula atembenukira.

Chenjezo limodzi: musapitirire malire. Ndakatuloyi sinanene kuti achimwenewo anakwatira ku Joni kapena kuti amamwa mowa. Mwina nkhani zotere mwazimvapo kwanuko, koma wochonga mayeso a MANEB akufuna zomwe mungaloze ndi chala pa pepalapo. Mfundo yomwe ilibe mzere woichitira umboni isiyeni.

Pokonzekera, tengani ndakatulo imodzi ya m’buku lanu, lembani yankho lanu, kenako pa chiganizo chilichonse dzifunseni funso lofiira lija: “Ndiye?” Ngati yankho la funsolo silikupezeka pa pepala lanu, simunamalize kulemba.