Zomwe manambala a pa bokosi la foni sanena

Mayi wina wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe anali atatopa ndi kafoni kake kakale. Makasitomala ake ambiri ndi a pa WhatsApp: akangotsegula belo amajambula madilesi, n'kuwaika pa sitetasi, ndipo ndalama zimabwera pa Airtel Money kapena Mpamba. Foni ikamachedwa, malonda nawo amachedwa. Choncho tsiku lina anatenga phindu limene ankasunga, n'kulowa m'sitolo ina ya mafoni m'tauni.

Mnyamata wa m'sitolomo sanavutike kumunyengerera. Anangomulozera manambala akuluakulu a pa bokosi: 8GB RAM, 128GB, 108MP, 5000mAh. "Mayi, iyi ndiye foni. Manambala awa simungawapeze pa mtengo uwu," anatero. Mayiyo anayerekeza ndi foni ina imene inali pambali, yamtengo wofanana koma yolembedwa 6GB ndi 50MP, ndipo anasankha ya manambala aakulu. Ndani akanamudzudzula?

Mwezi usanathe anayamba kudandaula. Akamacheza ndi kasitomala, n'kutuluka pang'ono kuti awerengetse mtengo kapena kuona uthenga wa ndalama, pobwerera ankapeza WhatsApp ikuyambiranso kutseguka. Poganiza kuti anamugulitsa foni yabodza, anapita nayo kwa wokonza mafoni wa pafupi ndi benchi lake.

Wokonzayo anayamba waimba *#06#, n'kuyerekeza nambala ya IMEI imene inatuluka ndi ya pa bokosi. Zinafanana. Kenako analowa mu Settings, pa About phone, n'kumuonetsa mzere wolembedwa 4GB + 4GB. Anamuuzanso kuti ayang'anitsitse bokosi lija. Pafupi ndi 8GB panali kanyenyezi, ndipo m'munsi munali timalemba tofotokoza zomwezo. "Foniyi si yabodza, achemwali, koma RAM yeniyeni ndi 4GB basi. Inayo ndi yobwereka," anatero.

RAM ndi malo amene foni imaikapo zinthu zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, pamene 128GB ndi mosungira zithunzi ndi mapulogalamu. Kwa wamalonda, RAM ili ngati benchi loyalapo katundu, ndipo mosungira ndi kachipinda kokhoma kumene mabelo amagona. Chimene opanga mafoni ambiri ayamba kuchita ndi kupatula kachigawo ka m'chipinda muja n'kukatchula kuti benchi. Pa sikirini chimaoneka ndi mayina monga RAM Plus, Memory extension kapena MemFusion, malinga ndi kampani. Si chinyengo chenicheni, chifukwa foni imasunthiradi kumeneko mapulogalamu amene angokhala. Koma mosungira mwa mafoni ambiri otchipa ndi mwa mtundu wa eMMC, umene ukathamanga kwambiri sudutsa 400MB pa sekondi, pamene RAM yeniyeni imanyamula ma GB angapo pa sekondi yomweyo. Pulogalamu imene ikugwira ntchito siingathamangire m'malo obwerekawo. Foni ya 6GB imene mayiyu anaisiya m'sitolo, ngati 6GB yakeyo inali yeniyeni, inali ndi malo ambiri ogwirirapo ntchito kuposa imene anagula.

Ngakhale 128GB ija sanaipeze yonse. Opanga amawerenga GB imodzi ngati mabaiti 1,000,000,000, ndipo mwa kawerengedwe ka makompyuta 128GB imatsika kufika pa 119. Android ndi mapulogalamu obwera kale m'foni amadyanso gawo lawo, RAM yobwereka ija n'kutenganso 4GB pomwepo.

Chimene chinamupweteka mtima kwambiri mayiyu ndi kamera, poti ndiyo inamukopa. Kunja dzuwa likuwala zithunzi zinkatuluka bwino. Koma pansi pa malata a msika, kapena madzulo kunyumba pamene amasankha zovala, dilesi lofiira linkaoneka lotuwa, ndipo dzanja likangogwedezeka pang'ono chithunzi chinkasokonekera. Kasitomala wina anabweza siketi ponena kuti mtundu wake si umene anauona pa foni.

Nambala ya 108MP imangotanthauza kuti kachipangizo kolandira kuwala, kamene amisiri amakatcha sensa, kagawidwa m'timadontho 108 miliyoni. Sinena kukula kwa sensayo. Popeza sensa ya foni ndi kanthu kakang'ono, timadontho tikachuluka timachepa kwambiri, ndipo kadontho kakang'ono kamalandira kuwala kochepa. Pofuna kuthana ndi vutoli, makamera ambiri a 108MP amaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, moti chithunzi chimene munthu amajambula tsiku ndi tsiku chimakhala cha 12MP. A 50MP nawo amaphatikiza timadontho 4 n'kutulutsa pafupifupi 12.5MP. Ndiye kuti mafoni awiri aja, ya 108 ndi ya 50, amatulutsa zithunzi za kukula kofanana. Kusiyana kwake kumachokera ku zinthu zimene sizilembedwa ndi malemba aakulu: kukula kwa sensa, ubwino wa galasi la kamera, pulosesa imene imakonza chithunzi, komanso ngati kamerayo ili ndi OIS, kachipangizo kamene kamagwira galasi kuti lisatengeke ndi kunjenjemera kwa dzanja.

Ndiye pali WhatsApp yomweyo. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi, osasankha HD, chimachepetsedwa kufika pafupifupi 2MP kuti chisadye bandulo. Makasitomala a mayiyu sanaonepo ngakhale 12MP ija. Iwo ankafuna mtundu woona wa nsalu, ndipo umenewo sudalira kuchuluka kwa timadontho. Za magalasi atatu a kumbuyo kwa foniyo, wokonza uja anangoseka. Anaphimba limodzilimodzi ndi chala kamera ili yotsegula, ndipo chithunzi chinada pa galasi limodzi lokha. Pa mafoni otchipa enawo nthawi zambiri amakhala a 2MP kapena kucheperapo, ongothandizira.

Batire lokha silinaname kwenikweni. 5000mAh ndi mphamvu yokwanira, koma nambalayi imanena zimene batire limasunga, osati mmene foni imazidyera. Pamsika mayiyu ankakweza kuwala kwa sikirini mpaka pamapeto kuti aone bwino padzuwa, ndipo pamalo pamene netiweki ndi yofooka foni imagwiritsa ntchito mphamvu yambiri poifunafuna. Nambala imene sanaione ndi ya tchaja, 10W. Batire lotere limasunga pafupifupi 19Wh, ndipo tchaja ya 10W imatenga maola oyandikira atatu kuti ilidzaze. Kwa munthu amene kwawo magetsi amabwera n'kuzimanso, nambala yaing'ono imeneyi inali yofunika kuposa 5000 ija.

Kubweza foni kunali kosatheka, poti zonse zinalembedwa pa bokosi, ngakhale kuti ndi timalemba tofuna magalasi. Wokonza uja anamuchotsera mapulogalamu amene sankawagwiritsa ntchito, n'kumulangiza kuti asamadzazitse mosungira. Mayiyo tsopano amajambula zovala m'mawa, pamthunzi pomwe pali kuwala kokwanira, ndipo zithunzi za makasitomala ofuna kuonetsetsa nsalu amazitumiza pa HD. Madandaulo a mtundu wa zovala anachepa, koma WhatsApp imayambirabe kutseguka nthawi zina, chifukwa 4GB siingawonjezeke.

Amene mukufuna kugula foni, musalipire isanayatsidwe. Pemphani kuona About phone, ndipo ngati pa RAM pali manambala awiri ophatikizidwa, woyambayo ndiye wanu. Jambulani chitenje chimene mwavala mutaima pamalo amdima pang'ono m'sitolomo, muyerekeze mtundu wake ndi maso anu, kenako mutembenuze tchaja muwerenge mawati ake. Wogulitsa akakana, pitani sitolo ina.