Wovulala akakhala wofooka kale: ndani alipire?

M'malamulo a chipukutamisozi muli mfundo yakuti wovulaza mnzake amamutenga mnzakeyo monga momwe wamupezera. Ngati munthu wakankha wina mosasamala, ndipo wokankhidwayo ali ndi chibade chopyapyala ngati chigoba cha dzira moti chikusweka pomwe cha wina chikanangotupa, wokankhayo ayenera kulipira kusweka konseko. Sangadziteteze ponena kuti sankadziwa, kapena kuti munthu wathanzi akanangodzuka n'kusasa fumbi. Maloya amaitcha mfundo ya chibade chopyapyala. Idakhwimira m'makhoti a ku Mangalande, komwe Jaji Kennedy adaifotokoza m'chaka cha 1901 pa mlandu wa Dulieu ndi White, ndipo imagwira ntchito m'mayiko ambiri omwe adatengera malamulo a kumeneko, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia.

Mlandu womwe umaonetsa bwino mfundoyi ndi wa Smith ndi kampani ya Leech Brain. Bambo Smith ankagwira ntchito pafakitale ina mumzinda wa London, pomwe ankaviika zitsulo m'thanki ya zinki yosungunuka kuti zisamachite dzimbiri. Poviikapo, zinki yamotoyo inkathovoka, ndipo chodzitchinjiriza chake chidali lata basi. Tsiku lina m'chaka cha 1950, dontho lidamuthovokera pamlomo wapansi n'kumuwotcha. Kadali kabala kakang'ono, ndipo mwini wake sadakalabadire. Koma kabalako sikadapole. Kadasanduka chilonda, chilondacho chidakula, ndipo madokotala adapeza kuti ndi khansa. Adalandira chithandizo, koma matendawo adafalikira m'thupi ndipo adamwalira mu 1953.

Mkazi wake atasumira kampaniyo, zidadziwika kuti bamboyo adagwirapo kale ntchito zaka zingapo pamalo opangira gasi, ndipo khungu la mlomo wake lidali litayamba kale kusintha m'njira yotsogolera ku khansa. Kupsako kudangotokosa zomwe zidagona. Apa mpomwe kampani idagwira. Chakumayambiriro kwa 1961, khoti lalikulu la apilo la mayiko a pansi pa Britain lidali litagamula, pa mlandu wa sitima ya Wagon Mound yomwe idataya mafuta padoko la Sydney, kuti munthu wosasamala amalipira kuwonongeka kokha kwa mtundu womwe munthu wanzeru akanauoneratu. Kodi alipo akanaoneratu kuti dontho la zinki lingaphe munthu ndi khansa?

Jaji wamkulu Parker adakana mtsutsowo. Adati funso siloti kampani ikanaoneratu khansa kapena imfa, koma ngati ikanaoneratu mtundu wa kuvulala komwe kudachitika poyamba, komwe ndi kupsa. Kupsa kudali koonekeratu kwa aliyense woika wantchito pafupi ndi chitsulo chowira popanda chotchinga chokwanira. Zikatero, kukula kwa zotsatira zake kumadalira thupi la wopsayo, ndipo thupilo wolakwa sasankha. Kampani idapezeka yolakwa pa imfayo.

Chifukwa chake nchosavuta kuchimvetsa. Pakati pa anthu awiriwa, wina ayenera kusenza tsokalo: wolakwa, kapena wosalakwa yemwe vuto lake nkungokhala wofooka. Khoti likanati lizipereka chipukutamisozi poyeza thupi la munthu wathanzi, ndiye kuti okalamba, odwala shuga omwe zilonda zawo zimachedwa kupola, a mafupa ofumbwa ndi a magazi osaundana bwenzi akulandira zochepa kuposa zomwe ataya, pomwe ndi iwo amene amapwetekeka kwambiri. Kunena zoona, mfundoyi nthawi zina imamupweteka wolakwa kuposa msinkhu wa kulakwa kwake, pakuti madalaivala awiri ochita kusasamala kofanana akhoza kulipira ndalama zosiyana kutalitali. Makhoti adaona kuti kupanda chilungamo kumeneku nkocheperapo poyerekeza ndi kwinako.

Komabe mfundoyi ili ndi malire, ndipo anthu ambiri amaphonya pamenepa. Choyamba, siipanga wosalakwa kukhala wolakwa. Wodandaula ayenera kutsimikizira kaye kuti mnzakeyo adachita mosasamala m'njira yomwe ikanavulaza ngakhale munthu wamba. Kukhudzana mapewa pamsika wodzaza anthu si mlandu, ngakhale wokhudzidwayo atathyoka nthiti, pokhapokha ngati winayo ankadziwa za kufookako n'kusasamala.

Malire achiwiri ali pa ndalama. Pa mlandu wa Smith, jaji adachepetsa chipukutamisozi kwambiri poona kuti bamboyo akanatha kudwala khansa yomweyo m'tsogolo ngakhale popanda kupsa, ndipo banja lidapatsidwa mapaundi ongopitirira 3,000 pang'ono. Cholinga cha chipukutamisozi nkumubwezera munthu pomwe adali, osati kumuika pabwino kuposa pamenepo. Khoti lalikulu la ku Canada lidafotokoza kusiyanaku mu 1996 pa mlandu wa Athey ndi Leonati: chibade chopyapyala chomwe chikanakhala bwinobwino moyo wonse nchosiyana ndi chibade chomwe chidayamba kale kuyoyoka. Tiyerekeze kuti kalipentala wa msana wovuta wagundidwa ndi galimoto n'kusiya ntchito. Amapeza K2 miliyoni pachaka, ndipo akanakhala wathanzi akanagwira ntchito zaka zina 10. Ngati madokotala atsimikiza kuti msanawo sukanamuletsa ntchito, maziko a kuwerengera ndi K20 miliyoni. Ngati atsimikiza kuti msanawo ukanamugoneka pakatha zaka 4, ngozi yamulanda zaka 4 zokha, ndipo maziko ndi K8 miliyoni. N'chifukwa chake milandu yotere imapindulidwa kapena kutayika pa umboni wa dokotala ndi mabuku a kuchipatala a zaka za m'mbuyo. Wodandaula wobisa matenda akale amangodziwonongera mlandu, chifukwa matendawo samulanda ufulu wolipidwa, koma bodza likaululika khoti limaleka kumukhulupirira.

Kufooka kwake sikuyenera kukhala kwa mafupa kapena khungu kokha. Mu 1974, pa mlandu wa Robinson, wantchito yemwe adatsetsereka pamakwerero amafuta n'kuchekeka mwendo adabayidwa jakisoni woteteza kafumbata, thupi lake lidadana nawo mankhwalawo ndipo ubongo udawonongeka. Owalemba ntchito adalipira zonse, chifukwa jakisoniyo adabwera kaamba ka bala lomwe kusasamala kwawo kudayambitsa.

Pa milandu yaupandu mfundoyi imafika patali kwambiri. Mu 1975, khoti la apilo ku Mangalande lidaweruza mlandu wa Blaue, yemwe adabaya ndi mpeni mtsikana wa zaka 18. Kuchipatala mtsikanayo adakana kuikidwa magazi chifukwa adali wa Mboni za Yehova, ndipo adamwalira, ngakhale madokotala adati magaziwo akanamupulumutsa. Blaue adati chomwe chidapha mtsikanayo nkukana kwake. Jaji Lawton adayankha kuti wochita chiwawa amamutenga munthu yense wathunthu, thupi pamodzi ndi chikhulupiriro chake, ndipo sali pamalo oti n'kunena kuti chikhulupiriro cha yemwe wamubaya nchopanda nzeru. Chomwe chidatulutsa magaziwo ndi mpeni. Apa mfundoyi imangoyankha funso lakuti imfa yabwera ndi ndani. Ngati mlanduwo ndi wakupha mwadala kapena wocheperapo, zimenezo khoti limaziona padera poyeza maganizo a wopalamulayo, ndipo Blaue adamangidwa pa mlandu wocheperapowo chifukwa zidavomerezedwa kuti mutu wake sunkagwira bwino.