Mtundu wokha sukwanira mu gemu

Ife opanga magemu tikamva kuti wosewera wina sasiyanitsa mitundu, ambiri timathamangira kuika sefa pa sikirini yonse kuti chofiira ndi chobiriwira zioneke mwina. Njira imeneyi ine sindigwirizana nayo. Sefa imasintha chilichonse, udzu, thambo, ngakhale nkhope za anthu, koma nthawi zambiri chisokonezo chimangochoka pa mitundu iwiri n'kukagwera pa ina iwiri.

Sikuti anthu amenewa amaona zakuda ndi zoyera zokha ayi. M'diso muli magulu atatu a maselo ozindikira mitundu. Gulu limodzi likafooka, kawirikawiri lolandira chofiira kapena chobiriwira, mitundu ina imayamba kufanana. Ambiri amabadwa nalo vutoli, ndipo limakonda amuna. Mwa anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya, limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 12 alionse, pomwe mwa akazi ndi mmodzi pa 200.

Taonani gemu ya Among Us, yomwe kampani ya Innersloth idatulutsa mu 2018. Muli kantchito kolumikiza mawaya anayi: wofiira, wabuluu, wachikasu ndi wapinki. Wosewera amakoka waya wa kumanzere kukaugwirizanitsa ndi mnzake wa kumanja. Tsono pinki wa pa sikirini ndi buluu wosakaniza ndi chofiira. Amene diso lake sililandira bwino chofiira, mu pinkimo amatsala ndi buluu, ndiye mawaya awiri amaoneka ngati amodzi ndipo amangolumikiza mongoyerekeza. Mu 2020 eni ake adaika kachizindikiro pa waya aliyense. Mitundu sadaichotse, adangoupatsa uthenga njira yachiwiri yofikira kwa wosewera.

Ine ndimayesa chonchi. Ndimajambula sikirini pomwe masewera afika povuta, n'kuchotsa mitundu yonse kuti patsale zotuwa zokhazokha. Kenako ndimafunsa mnzanga yemwe sadaionepo gemuyo: mdani ndi uti apa, nanga khomo lotseguka ndi liti? Akayamba kuzengereza, ndimadziwa kuti uthengawo taupachika pa mtundu wokha. Pamenepo timasintha kaumbidwe ka chinthucho, kapena kuchilemba mizere, kapena kupangitsa chimodzi kuwala kuposa chinzake. Mayeso amenewa sagwira zonse, n'chifukwa chake gemu isanatuluke timaitana osewera omwe ali ndi vutoli kuti aiyese okha.

Chomwe chimakweza mtengo wa ntchitoyi ndi kuchedwa. Ngati chofiira mudachipaka m'zithunzi mazanamazana, kusintha ndiye kujambulanso zonse. Koma mukasunga mtundu wa mdani pamalo amodzi m'pulogalamu, wosewera akhoza kusankha yekha mtundu womuonekera bwino. Mabatani nawonso n'chimodzimodzi. Pulogalamu izifunsa ngati wosewera walamula kudumpha, osati ngati wadina batani la `X`, kuti wosewera ndi dzanja limodzi asamutsire kudumphako pa batani lomwe chala chake chimafikapo.