Thumba la mpunga pa Google: wogula alipeza bwanji?

Mu msika wa Lilongwe, wogulitsa mpunga amatsegula thumba kukamwa, fungo la Kilombero n'kumaitana lokha. Pa intaneti fungo silifika. Google sinunkhiza ndipo silawa: imawerenga mawu a patsamba, n'kuonanso ngati tsambalo likutseguka msanga. Tiyerekeze shopu yaing'ono yogulitsa mpunga wa Kilombero m'matumba a makilogalamu 5, tione zoyenera kukonza patsamba la thumba limeneli.

Choyamba ndi mutu. Munthu akafufuza pa Google, mzere waukulu umene amadina nthawi zambiri umachokera ku mutu wa tsamba. Mashopu ambiri amausiya uli `Product 14` kapena dzina la shopu lokha, lomwelomwelo pa katundu aliyense. Zili ngati kukhoma chikwangwani cholembedwa kuti "katundu". Mutu wabwino wa thumba lathu ndi uwu:

```
<title>Mpunga wa Kilombero 5kg, Lilongwe | Dzina la Shopu</title>
```

Katundu ali patsogolo, kenako kulemera kwake, malo, ndipo dzina la shopu lili kumapeto. Chifukwa chake n'chakuti Google imadula mutu ukatalika, kawirikawiri ukapitirira zilembo pafupifupi 60, ndipo chimene chimadulidwa ndi cha kumapeto. Ngati muli ndi thumba la makilogalamu 25 patsamba lakelake, nalonso likhale ndi mutu wake. Mitu ikafanana, Google imavutika kudziwa tsamba loti ionetse, ndipo nthawi zina imangolemba mutu wina m'malo mwa wanu.

Chachiwiri ndi mawu amene ogula amalemba pofufuza. Apa mwini shopu aiwale kaye chilankhulo cha oda, amvetsere cha kasitomala. Yambani kulemba `Kilombero` pa Google, muone mawu amene ikukupatsani musanamalize, pakuti amachokera ku zimene anthu amafufuza. Werenganinso mauthenga a makasitomala anu pa WhatsApp. Ngati ambiri amalemba `Kilombero rice price`, tsamba lanu likhale ndi mawu amenewo pamodzi ndi a Chichewa, mtengo n'kuoneka poyera. Mawu akuti "mpunga" okha musalimbane nawo, masamba akuluakulu anawalanda kale. Wolemba mtundu, kulemera ndi mzinda ndiye ali ndi ndalama m'manja.

Mawuwo aikeni m'mutu, m'chiganizo choyamba cha malongosoledwe, ndi pa mawu ofotokoza chithunzi otchedwa `alt`. Malongosoledwe akhale anu: ndi wokololedwa liti, ndi wopeta kale kapena ayi, mumafikitsa madera ati. Kubwereza "mpunga wa Kilombero" kakhumi m'ndime imodzi sikukweza tsamba, ndipo Google imakuona ngati chinyengo. Musatayenso nthawi ndi `meta keywords`: mu 2009 Google inanena poyera kuti siigwiritsa ntchito posanja masamba.

Chachitatu ndi liwiro, ndipo m'mashopu aang'ono chimene chimalemetsa tsamba nthawi zambiri ndi zithunzi. Chithunzi chochoka mu foni chikhoza kulemera 4 MB. Pa netiweki ya 4 Mbps, chimenecho chokha chimadya masekondi 8. Zikakhala zisanu, wogula wataya 20 MB pa bandulo yake asanaone mtengo, ndipo sadikira. Chepetsani chithunzicho chifike mapikiselo 1200 m'lifupi, muchisunge ngati `WebP` kapena `JPEG` yofinyidwa, chitsike kufika cha m'ma 150 KB. Pa netiweki yomweyo chimafika sekondi isanathe, koma maso a mpunga akuonekabe bwino. Chida cha Squoosh chimachita zimenezi mwaulere.

Poyeza, lembani adiresi ya tsambalo pa `pagespeed.web.dev`, muone zotsatira za foni, chifukwa Google imawerenga masamba mmene amaonekera pa foni. Yang'anani `LCP`, nthawi imene chinthu chachikulu patsamba, monga chithunzi cha thumba, chimatenga kuti chioneke. Google imati masekondi 2.5 kapena kuchepera ndiye bwino, ndipo kupitirira 4 n'koipa. Komabe liwiro lili ndi malire: tsamba lothamanga limene silitchula Kilombero silingapose lochedwa pang'ono limene likuyankha zimene wogula wafunsa.

Mudziwa bwanji kuti zagwira? Lembetsani webusaiti yanu pa Google Search Console, yomwe ndi yaulere. Tsamba likamaonekera nthawi zambiri koma odina n'kukhala ochepa, kayikirani mutu. Likapanda kuonekera n'komwe, onani ngati Google inalilowetsa m'kaundula wake. Kusintha kungatenge masiku kapena milungu kuti kuoneke, choncho musamasinthe mutu tsiku ndi tsiku.

Musayambe ndi shopu yonse. Sankhani katundu mmodzi amene amayenda malonda kwambiri, mukonze mutu wake, mawu ake ndi chithunzi chake, ndipo pakatha mwezi mufananize manambala ake ndi a masamba amene simunawakhudze.