Ulendo wa Khirisimasi: Gulani Tikiti ya Basi Yam'mawa

Disembala akafika, makampani ena a mabasi amalengeza pa wailesi ndi pa zikwangwani kuti atsitsa mitengo, ena amawonjezera maulendo a m'bandakucha. Musanathamangire mtengowo, yambani mwaona nthawi yonyamukira, chifukwa ndi imene imachititsa kuti munthu akagone kwawo kapena pa depoti.

Titenge mayi wochoka ku Blantyre kupita kumudzi ku Mchinji. Kukafika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi mtunda wopitirira makilomita 300, ndipo basi imayenda maola pafupifupi 5, poti imaima pa rodibuloko ya pa Zalewa, pa mageti olipiritsa a Chingeni ndi Kalinyeke, komanso kutsitsa anthu ku Ntcheu ndi ku Dedza. Akanyamuka 7 koloko m'mawa, amafika ku Lilongwe dzuwa lili paliwombo. Apo amakwera minibasi ya ku Mchinji, ulendo wina wa maola 2, n'kupeza a kabaza akadali pa siteji. Koma akakwera ya 12 koloko masana, ku Lilongwe amafika cha m'ma 5, ku Mchinji kutada. Ino ndi nyengo ya dzinja: mvula imakonda kugwa chakumadzulo, msewu wafumbi wakumudzi umasanduka matope, ndipo wakabaza amakana kapena amakweza mtengo.

Basi yotereyi imadzaza msanga, makamaka kuyambira pa 20 mpaka pa 24 Disembala, choncho gulani tikiti kudakali sabata imodzi kapena ziwiri. Funsani ngati mtengo wotsitsidwawo ndi wa masiku onse kapena osankhidwa okha, ngati tikitiyo ingasinthidwe tsiku, komanso kulemera kwa katundu amene amalola mwaulere. Thumba la feteleza kapena katoni ya shuga zikhoza kudya ndalama yonse imene mwapulumutsa. Gulirani limodzi ya pobwerera, chifukwa Chaka Chatsopano chikangodutsa aliyense amathamangira ku ntchito ndi kusukulu.

Ngati mukulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala muitenge ku ofesi ya kampaniyo, osati kwa munthu wongokutumizirani uthenga. Musanatsimikize, onani dzina limene latuluka pa foni. Likakhala la munthu wamba, imani kaye mufunse. Mukalipira, sungani uthengawo mpaka akupatseni tikiti yolembedwa dzina lanu, tsiku ndi nambala ya mpando.

Chomaliza, basi yoyendera nthawi sidikira kudzaza ngati za pa depoti ya Wenela. Nthawi yofika pamalo okwerera imakhala yoyambirira, kawirikawiri mphindi 30 basi isananyamuke, kuti apakire katundu. Makampani ambiri ali ndi malo awoawo okwerera, ndiye funsiranitu kuti ndi pati. Ngati mumakhala kutali, monga ku Bangwe kapena ku Chileka, panganani ndi woyendetsa takisi dzulo lake, chifukwa minibasi za m'bandakucha zimachedwa kudzaza.